Alamu anga akuthamangitsa mwana wanga m'nyumba ku England

Okondedwa Anankungwi,

Ndine mayi wa ku Chilomoni. Mwana wanga wamkazi wa zaka 26 amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Leeds, ndipo amakhala kwa azakhali ake, achemwali a bambo a kwathu. Anampatsa chipinda chimodzi, amalipira mapaundi 450 pa 1 mwezi uliwonse, ndipo polowa anapereka dipoziti ya mapaundi 450. Khitchini ndi bafa amagwiritsa ntchito limodzi, pepala la mgwirizano sanalembe. Ayambana chifukwa cha mnyamata amene amabwera kudzamuona, ndiye pa 10 Malichi alamu anga anamulembera pa WhatsApp kuti asamuke pakatha masabata awiri. Ine ndinamva kuti kumeneko landilodi sangatulutse munthu popanda khoti, choncho ndamuuza kuti asasunthe komanso aleke kulipira. Bambo a kwathu akuikira kumbuyo achemwali awo, moti m'nyumba muno sitikulankhulana. Nditani?

Mayi wodandaula, Chilomoni

Mayi anzanga,

Muimbireni foni mwanayo lero lomwe, mubweze mawu awiri aja. Zimene munamva n'zoona, koma zimakhudza munthu amene wachita lendi nyumba kapena fulati imene eni ake sakhalamo. Woteroyo ku England amayenera kupatsidwa notisi yolembedwa motsata lamulo, ndipo akakana kutuluka, landilodi amapita kukhoti, khoti n'kugamula, kenako amene amabwera kudzamutulutsa ndi anthu a khoti, omwe kuno timati masherifu. Zimatenga miyezi. Landilodi akangosintha loko yekha wapalamula mlandu.

Mwana wanu sali m'gulu limenelo. Lamulo la 1977 lotchedwa Protection from Eviction Act, limene limateteza anthu a lendi kuti asatulutsidwe mwachisawawa, linasiya kunja munthu amene amakhala m'nyumba imodzi ndi mwini wake n'kumagawana naye khitchini, bafa kapena pabalaza. Maganizo ake ndi akuti munthu sangakakamizidwe kumaphikira pamodzi ndi wina amene wasemphana naye kwa miyezi yambiri podikira khoti, popeza pamenepo ndi pakhomo pake penipeni. Ndiye azakhali akewo safunika chigamulo cha khoti. Akapereka nthawi yokwanira yoti munthu akonzeke, nthawiyo n'kutha, akhoza kusintha loko mwana wanu ali kuntchito, ndipo lamulo silingawagwire. Ngakhale notisi ya pakamwa imawerengedwa ngati panalibe mgwirizano wonena kuti ikhale yolembedwa, choncho uthenga wa pa WhatsApp uja musaupeputse.

Pali mafunso awiri oti mumufunse kuti mutsimikize. Kodi azakhaliwo amagonadi m'nyumbamo ngati kwawo kwenikweni, kuyambira pamene iye analowa mpaka lero? Nanga kodi amagawana chipinda chenicheni monga khitchini kapena bafa, osati khomo lolowera kapena masitepe okha? Akanakhala kuti ali ndi khitchini ndi bafa lake m'chigawo china cha nyumbayo, monga momwe zimakhalira ndi munthu wa kuboyizikota ku Namiwawa, nkhani ikanasintha ndipo khoti likanafunika. Koma malinga ndi kalata yanu, amaphikira pa sitovu imodzi.

Pamene alamu anu alakwitsa ndi pa masabata awiri aja. Pakakhala palibe pepala, nthawi yokwanira kawirikawiri imayezedwa ndi mmene munthu amalipirira: wolipira pa sabata amapatsidwa sabata, wolipira pa mwezi amapatsidwa mwezi. Mwana wanu amalipira pa mwezi, ndipo sanamenye munthu kapena kuswa katundu, zomwe zikanatha kufupikitsa nthawiyo. Choncho ayankhe pa WhatsApp pomwepo, mwaulemu, kuti wamva, atuluka, koma akupempha mwezi wathunthu mpaka pa 10 Epulo m'malo mwa pa 24 Malichi. Lendi ya Malichi analipira kale pa 1, ndiye kumutulutsa pa 24 kukanakhala kumudyera sabata yathunthu imene analipira. Masiku 10 a mu Epulo ndi mapaundi 150. Akhoza kulipira ndalamayo pa 1 Epulo, kapena agwirizane molemba kuti ichotsedwe pa dipoziti, iye adzalandire 300.

Pa dipozitipo ndi pamene ndikumuopera kwambiri. Ya tenanti wamba, lamulo limati landilodi aiike m'bungwe lovomerezeka losunga madipoziti pasanathe masiku 30, ndipo pakabuka mkangano bungwelo limaweruza. Ya munthu wogona m'nyumba ya eni ake ilibe chitetezo chimenecho, ili m'thumba mwa azakhali basi. Akaleka kulipira monga munamuuzira, wawapatsa chifukwa chomveka choigwira yonse. Tsono asunge umboni wa kubanki wosonyeza ndalama iliyonse imene anatumiza, ajambule chipindacho tsiku lotuluka, makoma, kapeti, bedi, ndipo popereka makiyi alembe uthenga wonena tsiku ndi nthawi. Akadzakanizidwa ndalama yake popanda chifukwa, khoti la milandu ing'onoing'ono ya ndalama lilipo, ngakhale ine sindingakonde kuti mwana afike posumira mlongo wa bambo ake.

Zimene azakhali sangachite n'kumukoka, kumuopseza kuti amumenya, kapena kumukaniza katundu wake. Zikafika pa nkhanza aimbire apolisi. Pasipoti, mapepala a ntchito ndi mankhwala ngati ali nawo, aziyenda nazo m'chikwama kuyambira lero. Uphungu waulere aupeza ku Shelter, bungwe lothandiza anthu pa nkhani za nyumba, kapena ku bungwe la Citizens Advice, ndipo pofufuza pa tsamba la Shelter alembe mawu akuti excluded occupier, lomwe ndi dzina la munthu wonga iye wogawana nyumba ndi mwini wake, aonetsetse kuti akuwerenga za England chifukwa ku Scotland malamulo ndi ena. Asadalire kuti khonsolo imupatsa nyumba, poti viza ya ntchito ngati yakeyo nthawi zambiri siilola munthu kulandira thandizo la boma lotere. Chofunika n'kuyamba kusaka chipinda sabata ino, kufunsa anzake a kuntchito ndi a kutchalitchi, ndipo kumene akupitako alembe mgwirizano wonena za lendi, dipoziti, notisi komanso alendo ogona. Nkhani ya alendoyi ndi imene yamutayitsa malo, ndipo m'nyumba ya eni ake mwini nyumba ali ndi mphamvu yoika lamulo limenelo.

Tsopano za m'nyumba mwanu. Ndikumva ululu wanu, mwana ali kutali ndipo manja anu sangafikeko. Koma inu ndi bambo mukukangana za amene ali wolakwa pamene tsiku likuyandikira. Bambowo ndi amene ali ndi khutu la achemwali awo, ndiye musawakankhire kumbali ija. Akhazikeni pansi madzulo ano, muwauze kuti mwavomera kuti mwana asamuke, ndipo chimene mukuwapempha n'chimodzi: aimbire achemwali awo, awathokoze posunga mwana nthawi yonseyi, awapemphe mwezi wathunthu ndi kubweza dipoziti. Pempho lotero n'losavuta kuti mlongo alivomere kusiyana ndi kuuzidwa za makhoti. Inu musawaimbire alamu anuwo mtima uli m'mwamba, ndipo nkhaniyi isalowe pa gulu la WhatsApp la kubanja.

Za mnyamatayo mudzakambirane mwana atapeza pogona. Ngati ali ndi cholinga chenicheni, auzidwe kuti atumize akwawo kwa amalume ake a mwanayo kuno ku Blantyre.

Anankungwi