Kabokosi kopanda kanthu si ziro

"Zikomo akulu. Ndine mlangizi wa zaulimi kuno ku Nsanje. Ndili ndi fayilo ya Excel ya zokolola za alimi, koma mukolamu ya matumba muli malo ambiri osalembedwa. Kodi ndingoikamo ziro kuti ndipeze avereji?"

Ayi alangizi, chonde musaikemo ziro. Ziro ndi yankho: mlimi wakuuzani kuti sanakolole kanthu. Kabokosi kopanda kanthu kakutanthauza kuti simunamve yankho lake. Mukaphatikiza ziwirizi mwawanamizira anthu.

Tiyerekeze alimi khumi, matumba a makilogalamu 50. Asanu ndi mmodzi anayankha: 12, 8, 10, 6, 14 ndi 0. Awiri palibe chinalembedwa, mmodzi anamulembera kamzere, wina 999, nambala imene olowetsa deta ena amaika pofuna kunena kuti yankho silinapezeke. Mukalemba `=AVERAGE(C2:C11)`, Excel idumpha malo opanda kanthu ndi kamzere kaja, koma 999 iwerenga ngati zokolola zenizeni, nkukupatsani matumba pafupifupi 150 pa mlimi aliyense. Chotsani 999, mupeza 8.3. Ikani ziro m'malo anayi aja, avereji igwa kufika pa 5. Alimi ndi omwewo, mayankho atatu.

Ena adzakuuzani kuti mudzazemo avereji ya 8.3 ija. Izi ndimazikana kwamtuwagalu. Avereji sisintha, inde, koma mwapanga alimi anayi ofanana ndendende amene kulibe, ndipo kusiyana kwa zokolola kuoneka kochepa kuposa mmene kulili. Choipa kwambiri nchakuti kuchigwa kuno deta sisowa mwachisawawa. Madzi akasefukira, monga zinachitikira ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, malo ngati Makhanga safikika, anthu amathawira kumisasa. Amene wofunsa sanawapeze pakhomo nthawi zambiri ndi omwewo amene minda yawo inakokoloka. Kuwapatsa avereji ya anzawo akumtunda ndi kubisa njala pamene yaluma kwambiri, ndipo lipoti lotere likafika kuboma, thandizo likhoza kuwalambalala.

Mawu amene amandidetsa nkhawa kuposa onse ndi akuti "palibe". Palibe chiyani? Chimanga, kapena mwini nyumba? Kompyuta singakuuzeni. Bwererani kumapepala amene munalembapo poyamba, kapena muimbireni amene anafunsa. Akati munda unapita ndi madzi, lembani 0. Akati sanamupeze munthuyo, siyani popanda kanthu. Ndi bwinonso kuwonjezera kolamu ya chifukwa chake, kuti amene adzatsegule fayiloyi chaka chamawa asamalote.

Poyambira

Koperani fayilo, yoyambayo musaikhudzenso. Kenako ikani `Filter` pakolamu iliyonse nkuyang'ana mndandanda umene ukutuluka. Apa mpamene mudzaone Chikwawa, Chikhwawa ndi CK zili ngati maboma atatu. Samalaninso mayina ngati Bangula atalembedwa ndi mpata wosaoneka kumapeto. Mpata umenewu `TRIM` imachotsa, kupatula uja wobwera ndi zokopera pa intaneti, umene umafuna izi:

```
=TRIM(SUBSTITUTE(A2,CHAR(160)," "))
```

Mukolamu ya matumba yerekezani `COUNT` ndi `COUNTA`. Yoyamba imawerenga manambala okha, yachiwiri chilichonse cholembedwa. Zikasiyana, muli mawu monga "matumba 8" kapena nambala yosungidwa ngati mawu. Yotere imakhalira kumanzere kwa kabokosi ngati simunasinthe kayalidwe, ndipo `AVERAGE` imaidumpha mwakachetechete. Onaninso muyeso: wina akalemba 400 pakati pa anzake a 8 ndi 12, mwina analemba makilogalamu, omwe ndi matumba 8. Tsimikizani musanagawe. Madeti nawo amapusitsa: 03/04 ya pa 3 Epulo, kompyuta yotcheredwa mwachimereka imaiwerenga ngati pa 4 Malichi.

Ngati mumagwiritsa ntchito pulogalamu ya R, iuzeni potsegula pomwe zizindikiro zonse za kusowa kwa yankho:

```
d <- read.csv("zokolola.csv", na.strings = c("", "-", "999"))
table(d$dera, is.na(d$matumba))
mean(d$matumba, na.rm = TRUE)
```

Musathamangire mzere wachitatu musanaone wachiwiri, chifukwa ndi umene ukusonyeza kumene mipata yaunjikana. Ikamwazika pang'onopang'ono m'madera onse, werengerani ndi amene anayankha basi. Ikaunjikana dera limodzi, perekani avereji ya dera lililonse payokha, ndipo pambali pake lembani kuti anayankha angati mwa angati, monga 6 mwa 10. Pewani `na.omit(d)`: imataya mzere wonse wa mlimi ngakhale chosowa chili nambala ya foni yokha, zokolola zake zili zolembedwa bwinobwino.