Sikelo sinasinthe, koma BMI ya amayi yakwera

"Amayi anga ali ndi zaka 72, amakhala ku Senga Bay. Kwa zaka zambiri amalemera makilogalamu 60, koma BMI yawo yachoka pa 24 kufika pa 26, akuti anenepa. Kodi ndiwachepetsere nsima?"

Ayi achemwali, nsimayo musaikhudze kaye. Amayi sananenepe, afupika.

BMI ndi nambala yoonetsa ngati munthu ndi wonenepa kapena wowonda, ndipo timaipeza potenga kulemera kwa munthu m'makilogalamu n'kugawa ndi msinkhu wake m'mamita, kenako n'kugawanso ndi msinkhu womwewo. Popeza msinkhu ukulowa kawiri, ukangotsika pang'ono nambala imakwera msanga. Makilogalamu 60 pa msinkhu wa mamita 1.58 amapereka 24. Makilogalamu omwewo pa 1.52 amapereka 26. Ndiye kuti amayi ataya masentimita pafupifupi 6, ndipo zimenezo zokha zawadutsitsa pa 25, pomwe tchati cha bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO chimati munthu wayamba kunenepa.

Munthu akapitirira zaka 40 amafupika pafupifupi sentimita imodzi pa zaka khumi zilizonse. Timinofu ta pakati pa mafupa a msana timaphwa, msana n'kumawerama. Azimayi akasiya kusamba zimafulumira, chifukwa mafupa amayamba kufooka.

Chimene chikundidetsa nkhawa ine ndi masentimita 6 amenewo. Munthu akataya oposa 4, madokotala amaganizira kuti mwina fupa la msana linaphwanyika mwakachetechete, ndipo ambiri samva ululu woti n'kudandaula. Apititseni ku chipatala cha boma cha Salima, mukanene za kufupikako, mufunse ngati n'koyenera kujambula msana. Ngati pali linunda, kupweteka kwa msana, kutentha thupi usiku kapena kuwonda, musachedwe, chifukwa TB imagwiranso msana.

Kufupika kumabisanso kuwonda, ndipo uku ndiye koopsa kwa okalamba. Agogo amene anali mamita 1.60 akatsika kufika makilogalamu 46, BMI yawo ndi 18, yosafika pa 18.5 pomwe munthu amatchedwa wowonda. Koma mukawerengera msinkhu wawo watsopano wa 1.54, ikutuluka 19.4, aliyense n'kumati ali bwino pomwe minofu ikutha.

Choncho fufuzani m'mabuku akale a kuchipatala, mupeze msinkhu umene amayi anali nawo asanakalambe, muziwerengera umenewo. Mabukuwo akasowa, amayi atambasule manja, muyeze kuchokera kunsonga ya chala chapakati kukafika kunsonga inayo. Utali umenewu susintha kwenikweni ndi ukalamba, kungoti kwa ambiri umaposa msinkhu weniweni. Mwezi ndi mwezi muzilemba makilogalamu awo. Msinkhu muziyeza kamodzi pachaka, m'mawa, atavula nsapato, atatsamira khoma lomwelo.

Pa chakudya, usipa ndi matemba azidya ndi minga yomwe, muli kashiamu wolimbitsa mafupa. Nyemba, mazira ndi nsinjiro zisasowe. Aziyenda tsiku lililonse, koma ndowa yodzaza pamutu ndi mtolo wa nkhuni azisiyira adzukulu.