Dalaivala, wophika ndi wosunga sitolo: ntchito yolemera ndi iti?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina amene amayang'anira antchito pasukulu ina yogonera konko. Walemba motere: "Kupatula aphunzitsi, tili ndi mitundu 12 ya ntchito. Ophika akudandaula kuti dalaivala amalandira zambiri kuposa mkulu wawo, pomwe iwo amadzuka mbandakucha tsiku lililonse. Bodi yandiuza kuti ndikonze magiredi. Wina akuti ndingondandalika ntchito kuyambira yaikulu mpaka yaing'ono, wina akuti ndigwiritse ntchito mapointi. Nditsate iti?"

Amayi, tsatani ya mapointi, koma musanayambe ndandalikaninso ntchitozo, ndipo mndandandawo muusunge kuti mudzayesere nawo zotsatira. Chomwe mukuyeza ndi ntchito, osati munthu amene akuigwira lero. Ngati dalaivala wanu wagwira zaka 20, ndi wa ulemu, ndipo sanagundepo ngakhale mbuzi, zimenezo mudzamuthokoza nazo mwa njira ina. Pano funso ndi lakuti mpando wa udalaivala umafuna chiyani kwa aliyense amene angaukhale. Ndiye poyamba penipeni lembani tsamba limodzi la ntchito iliyonse: zomwe mwini wake amachita, zida zomwe amagwira, zomwe amagamula yekha osafunsa, ndi chomwe chingaonongeke akalakwitsa. Mwini ntchito ndi womuyang'anira onse asaine tsambalo. Musadalire kalata yomwe munamulembera ntchito, chifukwa pena wolembedwa ngati mesenjala ndi amene masiku ano akukasiya ndalama kubanki.

Kundandalika ndi kwachangu, ndipo pa ntchito zochepa kumathandiza. Njira yabwinoko yochitira zimenezi ndi kuyerekeza ntchito ziwiriziwiri: wophika ndi mlonda, yolemera ndi iti? Yopambanayo mwaipatsa chongi, kenaka mwatenga wophika ndi kalaliki, mpaka ntchito iliyonse yakumana ndi inzake yonse. Pa ntchito 12 mudzayerekeza ka 66, zomwe komiti ingamalize masana amodzi. Zikanakhala 30 mukanayerekeza ka 435, ndipo anthu akatopa amangovomera zilizonse. Koma vuto lalikulu si kuchuluka kwake. Mndandanda umangokuuzani kuti iyi ili pamwamba pa iyo, osakuuzani kuti yatalikirana nayo bwanji, komanso osapereka chifukwa. Mkulu wa ophika akadzafunsa kuti "mwandiika pansi pa dalaivala chifukwa chiyani?" mudzangoti komiti inaona choncho. Ndipo komiti ikamaona ndi maso okha, kawirikawiri imabwereza malipiro omwe alipo kale: amene amalandira zambiri amaoneka ngati ntchito yake ndi yaikulu.

Njira ya mapointi, yomwe inayambika ku America m'ma 1920, imathyola ntchito m'zigawo n'kuyeza chigawo chilichonse pachokha. Zigawo zomwe zakhazikika ndi zinayi: luso ndi chidziwitso, udindo, khama (la thupi ndi la maganizo), ndi malo ogwiriramo ntchito. Makampani aakulu amagula njira zokonzedwa kale, monga ya Hay yomwe imayeza chidziwitso, kuthetsa mavuto ndi kuyankhapo pa zotsatira, kapena ya Paterson yotchuka kuno kummwera kwa Africa, yomwe imaika ntchito m'magulu A mpaka F potengera kukula kwa ziganizo zomwe mwini ntchito amapanga. Sukulu ya ntchito 12 siyofunika kulipira akatswiri pa zimenezi. Mutha kudzikonzera yanu, bola muilembe bwino.

Tiyeni tiyese ndi manambala ongopeka. Tinene kuti mapointi onse ndi 500. Luso mwalipatsa 200, udindo 150, khama 100, malo 50. Chigawo chilichonse mwachigawa m'masitepe asanu ofanana, ndiye sitepe imodzi ya luso ndi mapointi 40, ya udindo 30, ya khama 20, ya malo 10. Ntchito yovuta kwenikweni ili pofotokoza sitepe iliyonse m'mawu oti anthu awiri osiyana akawerenga agwirizane. "Luso lapakatikati" si tanthauzo. Lembani chonchi: sitepe 1 ndi ntchito yophunzirika m'masiku ochepa, sitepe 2 imafuna maphunziro a miyezi ingapo kapena laisensi, sitepe 3 imafuna MSCE komanso kudziwa kulemba ndi kuyanjanitsa mabuku a katundu kapena a ndalama. Pa udindo chitaninso chimodzimodzi, mukuonetsa kukula kwa chomwe chingaonongeke ndi kuchuluka kwa anthu oyang'aniridwa.

Dalaivala amafunika laisensi ndi kudziwa zoyambirira za galimoto, ndiye pa luso ali pa sitepe 2, mapointi 80. Amanyamula miyoyo ya ana ndi galimoto ya ndalama zambiri, koma sayang'anira munthu aliyense: udindo sitepe 3, mapointi 90. Kutchera maso pamsewu kwa maola ambiri ndi khama la sitepe 3, mapointi 60, ndipo fumbi, maulendo a usiku ndi chiopsezo cha ngozi zimamuika pa sitepe 3 ya malo, mapointi 30. Zonse pamodzi 260.

Wosunga sitolo amalemba zolowa ndi zotuluka, ndipo kumapeto kwa mwezi matumba a ufa ndi nyemba ayenera kugwirizana ndi zomwe zili m'buku. Luso lake ndi sitepe 3, mapointi 120, udindo 90, khama 40, malo 20. Zonse 270.

Tsopano mkulu wa ophika. Pa luso ali pa sitepe 2, mapointi 80. Pa udindo ndi pomwe makomiti ambiri amamubera, chifukwa amaona mthiko osaona kuti chakudya chikavunda ana mazana angadwale usiku umodzi, komanso kuti amagawira anzake ntchito ndi kuyeza ufa wa tsiku. Ameneyu sangatsike pa sitepe 3, mapointi 90. Kuvundula nsima mumphika waukulu wa sukulu, kawiri pa tsiku, ataimirira, ndi khama la sitepe 4, mapointi 80. Utsi wa nkhuni, kutentha ndi madzi owira zimamupatsa sitepe 4 ya malo, mapointi 40. Zonse 290.

Ndiye pa muyeso umenewu wophika ali pamwamba, kenaka wosunga sitolo, dalaivala pambuyo. Mukadula magiredi a mapointi 80 lililonse, kuyambira 100 mpaka 179, 180 mpaka 259, 260 mpaka 339 ndi kumapitirira, onse atatu agwera m'giredi yachitatu, ndipo dandaulo la ophika lapezeka kuti lili ndi mutu.

Koma taonani zomwe zichitike munthu mmodzi wa m'bodi akati, "pano ndi pasukulu, maphunziro alemere kwambiri." Luso mwalikweza kufika 250, khama mwalitsitsa kufika 50, zinazo osazikhudza. Sitepe ya luso tsopano ndi 50, ya khama ndi 10. Palibe ntchito yomwe yasintha, masitepe ndi omwewo, koma wosunga sitolo wafika 280, wophika watsikira pa 270, ndipo dalaivala ali pa 250, kutanthauza kuti wagwera m'giredi yachiwiri. Apa ndi pomwe ndikufuna mugwiritsitse, Amayi. Manambala amaoneka ngati alibe mbali, koma amene wasankha kulemera kwa zigawo wagamula kale theka la nkhani. Zili ngati sikelo ya wogula mbewu: ikapotozedwa m'mawa, thumba lililonse la tsikulo lipimidwa molakwika, ngakhale wopimayo awerenge manambala moona mtima. Choncho kulemera kwa zigawo ndi malire a magiredi mugwirizane ndi kusainirana musanayeze ntchito ngakhale imodzi. Mukalola kuti zisinthidwe anthu ataona kale zotsatira, aliyense adzakokera kwake, ndipo antchito adzadziwa.

Kulemera kumeneku kulinso ndi mbali ya lamulo. Gawo 6 la Lamulo la Ntchito la chaka cha 2000 limalamula olemba ntchito m'Malawi kulipira mofanana pa ntchito zolemera mofanana, popanda tsankho, ndipo mfundo yomweyi ili m'pangano nambala 100 la bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO la mu 1951. Lamulo silikunena za ntchito zofanana dzina zokha ayi. Wophika ndi dalaivala sachita zofanana, koma ntchito zawo zikhoza kulemera chimodzimodzi. Tsankho limalowa mwakachetechete polemba masitepe: kunyamula matumba a simenti kumawerengedwa ngati khama, koma kunyamula mwana wodwala usiku, komwe matroni amachita, kumaiwalika; udindo wa ndalama ndi makina umapatsidwa mapointi, wa kusamala anthu ayi. Mukamaliza kulemba matanthauzo, muwawerengenso mukuganizira ntchito zomwe pasukulu panu zimagwiridwa kwambiri ndi amayi, muone ngati zolemetsa zake zili ndi polowera.

Komiti ikhale ya anthu anayi kapena asanu, muli woimira antchito, amuna ndi akazi, ndipo wina asayeze ntchito yake yomwe. Aliyense ayambe wapereka masitepe payekha, kenaka muyerekeze. Mukasiyana ndi sitepe imodzi kambiranani; mukasiyana ndi masitepe awiri, dziwani kuti tanthauzo silinalembedwe bwino kapena tsamba la ntchitoyo likusowa kanthu. Ndi bwinonso kuyeza chigawo chimodzi pa ntchito zonse 12 musanapite pa china, m'malo momaliza ntchito imodzi yonse, chifukwa mukatero simuona chiwerengero chonse msanga n'kuyamba kuchikonza kuti chifike pomwe mtima ukufuna. Chenjeraninso ndi kuwerenga chinthu chimodzi kawiri, monga kupatsa kalaliki mapointi a satifiketi pa luso, n'kumupatsanso ena pa khama la maganizo chifukwa cha satifiketi yomweyo.

Mukamaliza, tulutsani mndandanda uja munasunga. Ngati ukufanana ndendende ndi mapointi komanso ndi malipiro a lero, kayikirani, mwina komiti imangotsatira zomwe inazolowera. Ngati ntchito imodzi kapena ziwiri zadumpha patali, monga wophika amene pamndandanda anali wachisanu ndi chinayi koma mapointi amuika wachinayi, bwererani ku tsamba lake muone ngati mungafotokoze kusiyanako ndi mawu. Mukatha kufotokoza, khulupirirani mapointi.

Dalaivala wanu musamudule malipiro. Kutsitsa malipiro a munthu popanda iye kuvomera ndi kusintha mgwirizano wa ntchito, ndipo nkhani yake ingakafike kubwalo la milandu ya zantchito. Chomwe ambiri amachita ndi kusiya malipiro ake pomwe ali, osamukweza kapena kumukweza pang'ono, kufikira giredi yake itamupeza, uku ophika akukwezedwa m'magawo omwe bajeti ingakwanitse, ndi masiku ake olembedwa. Ngati zoona zake n'zakuti madalaivala a laisensi ya basi ndi osowa ndipo simungamusunge pa malipiro a giredi yachitatu, mupatseni alawansi yapadera yolembedwa chifukwa chake, yoti muziiunikanso chaka ndi chaka, koma mapointi a ntchitoyo asakhudzidwe. Pomaliza, aliyense mumuonetse masitepe omwe ntchito yake yapatsidwa, ndipo mupereke mwezi umodzi woti wosakhutira adandaule molemba, akutchula chigawo chomwe akuona kuti chayezedwa molakwika ndi umboni wake. Madandaulo a ntchito zomwe zatsala pang'ono kudumpha malire a giredi muwamve ndi munthu mmodzi amene sanali m'komiti yoyamba.