Pepala lolembapo zomwe ana aona nyemba zikamamera

"Ndimaphunzitsa Sitandade 2, ana ndi ambiri zedi. Tikufuna kudzala nyemba m'mabotolo kuti aziona kameredwe kake. Kodi pepala loti azilembapo zomwe aona ndilikonze bwanji?"

Aphunzitsi, pepalalo likhale ndi madanga asanu okha: tsiku, zamera zingati, chithunzi, kutalika, ndi mtundu wa mmera, kaya ndi woyera, wobiriwira kapena wachikasu. Danga la chithunzi likhale lalikulu kuposa onse, pafupifupi theka la pepala, chifukwa mwana wa msinkhu umenewu amajambula zambiri kuposa zomwe angalembe. Simukusowa kusindikiza. Jambulani pa bolodi, ana akopere m'makope, tsamba limodzi likhale la masiku awiri. Pamwamba alembe dzina la gulu, mbewu yake ndi deti lodzalira.

Koma pepala silithandiza ngati muzu sukuoneka. Dulani botolo lapulasitiki loonekera mkati, boolani timabowo pansi, pindani nyuzipepala izungulire mkati, pakati muthire mchenga kapena utuchi. Nyemba zisanu muzilowetse pakati pa nyuzipepala ndi khoma la botolo. Zisanu, osati imodzi, kuti ina ikakana gulu lisatsale manja lende, komanso ana apeze chowerenga. Sankhani zopanda mabowo a anankafumbwe, ndipo mbewu yam'sitolo yopakidwa mankhwala ofiira kapena obiriwira ana asaigwire. Ziviikeni usiku wa Lamlungu, mudzale Lolemba. Mukadzala Lachinayi, muzu udzatuluka ana ali kunyumba.

Pa danga la tsiku alembe Tsiku 1, Tsiku 2, osati deti lokha, ndipo Loweruka ndi Lamlungu aziwerengedwa ngakhale mabokosi ake akhala opanda kanthu. Mukawadumpha, pepala lidzanama kuti mmera watalika kwambiri usiku umodzi. Tsiku lomwe palibe chachitika ajambulebe nyembayo momwe ilili. Apa mpofunika kulimbikira, chifukwa ana amathamangira kujambula chomera chamasamba ndi maluwa chomwe ali nacho m'mutu. Funso lanu likhale limodzi: "Tandilozera pabotolopo chimene wajambulachi."

Tiyerekeze gulu lina nyengo yotentha. Tsiku 1, zamera 0, nyemba zafufuma. Tsiku 3, zitatu zang'amba khungu ndipo kamuzu koyera kaloza pansi, choncho alembe 3. Gwirizanani kuyambira pachiyambi kuti kumera ndi kuoneka kwa muzu, apo ayi gulu lina lidzadikira masamba ndipo manambala sadzafanana. Tsiku 5, tsinde layamba kukwera litapindika khosi. Tsiku 8, lawongoka, lanyamula mbali ziwiri za nyemba ija pamwamba. M'miyezi ya Juni ndi Julayi zonsezi zimachedwerapo masiku angapo, musafulumire kutaya.

Kuyeza ndiye kumasokoneza kwambiri. Ikani kadontho pabotolo pafupi ndi nyemba imodzi, ndipo aziyeza yomweyo nthawi zonse, kuyambira pamzere womwe mwalemba pomwe panali nyembayo mpaka kunsonga. Rula imavuta ana aang'ono, ambiri amayambira pa 1 m'malo mwa 0. Koposa ndi kudula kaudzu kouma kapena kachingwe kofanana ndi mmerawo, n'kumata pa danga la kutalika. Timaudzu tikandandalikana, kukula kumaoneka ndi maso, ndipo masentimita mudzayeza nawo limodzi pamapeto.

Ine sindiikapo danga lowerenga masamba pa kalasi imeneyi, limadzetsa mkangano. Mbali ziwiri za nyemba zija zimabiriwira ngati masamba, koma ndi nkhokwe ya chakudya cha mmera, zimafota n'kugwa. Masamba awiri oyamba ndi athunthu, pomwe otsatira amakhala ndi timasamba titatu pa phesi limodzi, ndiye wina ati limodzi, wina ati atatu. Chithunzi chimasunga zonsezi popanda kulimbana.

Danga la mtundu musalichotse, makamaka ngati botolo lina muliika mumdima, monga m'katoni. Mmera wamumdima umatalika msanga kuposa wapawindo, ndipo poona kutalika kokha ana adzati mdima ndi wabwino. Akalemba kuti ndi wachikasu, n'kujambula tsinde loonda logwa lokha, adzaona okha kuti ukufunafuna kuwala.

Nyemba ikafewa, kununkha kapena kuchita nkhungu, madzi achuluka ndipo yasowa mpweya. Kawirikawiri n'chifukwa choti mwana aliyense akufuna kuthirira. Sankhani wothirira mmodzi pa tsiku, aike chizindikiro pambali pa tsikulo, ndipo athire zitsekerero ziwiri kapena zitatu za botolo pokhapokha nyuzipepala yayamba kuuma. Yowolayo ichotseni isawononge zinzake, koma ana ayambe aijambula ndi kulemba tsiku lake, kuti poyerekeza mapepala a magulu onse pakatha masabata awiri muthe kufunsa kuti botolo limenelo linasiyana pati ndi enawo.