Apu ya sukulu ndi K6,000: yambani ndi chaka chachiwiri

"Ndine mlembi wa komiti ya makolo pa sukulu ya m'dera kuno ku Chawama. Tili ndi ana pafupifupi 400. Tikufuna apu yodziwitsira makolo za misonkhano, masiku otsegulira ndi zotsatira za mayeso. Anyamata awiri ophunzira zamakompyuta adzipereka kutipangira ulele, ndipo m'thumba tili ndi K6,000 yokha. Tiyambire pati?"

Amayi, ndathandizapo pa ntchito yofanana ndi yanuyi ku Matero, ndiye ndikuuzani zimene zinatipweteka ifeyo. Kupanga apu sikunativute. Chinativuta ndi mwezi wa khumi ndi chitatu. Mnyamata amene anatipangira, mwana wabwino ndithu, analembetsa dzina la webusaiti yathu pa imelo yake ndi kulipira ndi khadi lake la kubanki. Atamaliza maphunziro anapeza ntchito ku Kitwe, foni inabedwa, nambala n'kusintha. Uthenga wokumbutsa kulipira unkapita ku imelo imene palibe wina aliyense ankaitsegula. Tsiku lina m'mawa ahedi anatsegula tsamba lija n'kupeza zotsatsa malonda za anthu osawadziwa. Mayina a ana ndi manambala a makolo amene tinalemba kwa milungu itatu anali pa seva, kompyuta yosungira tsambalo pa intaneti, imene makiyi ake tinalibe.

Choncho anyamatawo asanalembe kalikonse, tsegulani imelo ya sukulu, osati ya munthu. Nambala yolandirira makodi otsimikizira ikhale simu ya sukulu yosungidwa mu ofesi, ndipo muziithira mayunitsi ndi kuimbirako mwezi ndi mwezi, chifukwa simu yongogona kampani imaitseka n'kupereka nambalayo kwa wina. Chilichonse chilembetsedwe pa imelo imeneyi. Mawu achinsinsi awadziwe anthu atatu, ahedi, msungichuma ndi mmodzi wa anyamatawo, ndipo alembedwenso papepala m'envelopu yomata imene izikhala m'kabati yokiya.

Tsopano pa apuyo. Ine ndingakulangizeni kuti chaka choyamba musaike chilichonse pa Google Play. Kulembetsa kumeneko ndi madola 25 kamodzi kokha, zomwe sizochuluka, koma mtolo uli patsogolo. Akaunti yatsopano ya munthu payekha imafunika kuti apu iyesedwe ndi anthu 12 kwa masiku 14 otsatizana isanaloledwe kutuluka. Kuonjezera apo, chaka chilichonse, cha kumapeto kwa Ogasiti, Google imakweza mtundu wa Android umene apu iyenera kugwirizana nawo. Apu yosakonzedwa imasiya kuoneka kwa anthu a mafoni atsopano, ndipo wokonzayo ayenera kukhalapo chaka ndi chaka. Za mafoni a Apple musaziganizire n'komwe, kumeneko ndi madola 99 chaka chilichonse.

Chimene chimakwanira sukulu ngati yanu ndi tsamba lopepuka lotseguka pa foni iliyonse ya intaneti, kumbuyo kwake kuli tebulo la Google Sheets limene aphunzitsi amalembamo okha. Ubwino wake ndi wakuti anyamata akachoka, mphunzitsi wa Giredi 7 akhoza kusintha tsiku la msonkhano popanda kuitana katswiri. Auzeni kuti pasakhale zithunzi zikuluzikulu, ndipo aliyese pa foni yakale yokhala ndi bandulo yotsala pang'ono kutha, ataima pageti la sukulu, osati pa laputopu yawo.

Koma musanavomere ngakhale zimenezi, tumizani kapepala kunyumba ndi mwana aliyense kofunsa zinthu ziwiri: nambala ya kholo, ndi ngati foniyo ili ndi WhatsApp. Mukawerenga mapepalawo mudzadziwa kumene ndalama ziyenera kupita. Kwa ife tinapeza kuti agogo ambiri olera adzukulu ali ndi kafoni ka mabatani, ndipo iwowo ndi amene sankamva za misonkhano. Apu sikanawafikira. Chinawafikira ndi SMS.

SMS ndi imene idzadye ndalama zanu, ndiye tiyeni tiwerengere limodzi. Makolo 400, mauthenga anayi pa temu, matemu atatu pa chaka: ndi mauthenga 4,800. Funsani mtengo kwa ogulitsa mauthenga ochuluka pamodzi, koma pano tiyerekeze kuti umodzi ndi 30 ngwee. Ndiye K1,440 pa chaka. Apa pali msampha umene ambiri sauona. Uthenga umodzi umatha pa zilembo 160, kuwerengera ndi mipata yomwe. Mukapitirira ndi chilembo chimodzi mwalipira iwiri, ndipo K1,440 ija yasanduka K2,880. Komanso mukaikamo ŵ wa kachipewa uja kapena kankhope komwetulira, malire amatsika kufika pa zilembo 70. Lembani w wamba, ndipo uthenga ukhale ngati uwu: "Kholo, msonkhano uliko Loweruka pa 14, 09:00, m'kalasi ya Giredi 5. Ahedi." Watha.

K6,000 ija musaione ngati ya chaka chimodzi. Igaweni pawiri, K3,000 ya chaka chino ndipo inayo msungichuma aitsekere ya chaka chamawa. Mu K3,000 ya chaka muchotse za SMS, dzina la webusaiti limene limalipiridwa chaka ndi chaka, mabandulo ndi minibasi za anyamatawo, ndi kena kotsala ka zadzidzidzi. Odziperekawo sakufuna malipiro, koma asamagule bandulo ndi ndalama ya nkhomaliro yawo, ndi mmene anthu abwino amatopera mwakachetechete. Ngati dzina la webusaiti likugulidwa m'madola, ikani malire apamwamba poti kwacha imasinthasintha. Ndipo ndalama ya chaka chachitatu ilowe m'bajeti ya komiti panopa, ilembedwe m'maminitsi.

Pa zotsatira za mayeso ndikupemphani mudekhe. Dzina la mwana, malikisi ake ndi nambala ya kholo ndi zinthu zimene lamulo la Zambia loteteza mbiri za anthu la 2021 limakhudza, ndipo za ana zimafuna chilolezo cha kholo kapena womulera. Pa kapepala kaja onjezani mzere woti kholo lisayine. Tebulo la manambala lisakhale limodzi ndi la zolengeza, ndipo lisaikidwe pa "Anyone with the link", njira yolola aliyense amene ali ndi linki yake kulitsegula. Kuti mutsimikize, tumizani linki yake ku foni ya munthu wosakhala m'komiti. Ikatseguka, dziwani kuti aliyense akhoza kuwerenga. Chaka choyamba malipoti apitirire kuperekedwa pamanja, SMS izingonena tsiku lokatenga.

Ndondomeko yosamalira itsatire kalendala ya sukulu, chifukwa imeneyo palibe amene amaiiwala. Mu Januwale lowetsani ana atsopano, fufutani amene achoka, ndipo tumizani uthenga umodzi woyesera kuti muone manambala akufa. Kumapeto kwa temu iliyonse koperani matebulo onse pa fulashi. Pa holide ya Epulo musangokopera, tsegulani fulashiyo pa kompyuta ina muone ngati mayina alimodi. Ife tinasunga fayilo yopanda kanthu kwa miyezi isanu ndi itatu osadziwa. Mu Novembala, anthu asanabalalike, lipirani dzina la webusaiti ngakhale tsiku lake lisanakwane, sinthani mawu achinsinsi, ndipo chotsani aliyense amene wasiya komiti. Ntchito iliyonse ikhale ndi dzina la munthu pambali pake, osati "komiti".

Anyamatawo asanatsanzike, apempheni alembe masamba awiri ofotokoza kutumiza uthenga, kuonjezera mwana ndi kulipira dzina lija. Kenako mphunzitsi mmodzi achite zonsezo yekha akutsatira pepalalo, iwo atakhala pambali osagwira foni, osalankhula. Pamene mphunzitsiyo waima n'kuyang'ana kwa iwo, pamenepo pepala likusowa mzere, aulembe nthawi yomweyo, ayambirenso.