Chigongono chikamang'ambika mu Blender, yambani mwaona chojambula

"Ndinajambula munthu mu Krita, ndinamudula zidutswa n'kuzilowetsa mu Blender, ndipo mafupa ndinaika. Koma ndikapinda mkono, pachigongono pamatseguka mpata ngati wathyoka, komanso nthawi zina dzanja limamira m'thupi. `Origin` ya chidutswacho ndaisuntha kangapo koma palibe chikusintha. Ndikulakwitsa pati?"

Zikomo chifukwa cha kalata yanu. `Origin` ija isiyeni kaye, ilibe mlandu. Chidutswa chikamangiriridwa ku fupa ndi `Ctrl+P` > `Bone`, mukapinda fupalo chimazungulira pamutu pa fupa, pamene pulogalamuyi imapatcha `Head`. Kadontho ka `Origin` kamalamula pokhapokha mukamazunguza chidutswacho pachokha. Ndiye ngakhale mutakasuntha tsiku lonse, chigongono chidzang'ambikabe.

Ndikukayikira kuti vuto lenileni linayambira ku Krita komweko. Ambiri timadula mkono ndi mzere wowongoka, chakumtunda pachokha chakumunsi pachokha, m'mphepete mwake n'kungokhudzana. Mkono ukakhala wotambasuka zimaoneka bwino. Ukangopindika, mbali yakunja imayasamula chifukwa pamenepo palibe chinajambulidwa choti n'kutsekapo. Fupa silingapange mnofu umene inu simunajambule.

Zidutswa ziwirizo ziyenera kusanjikizana, ndipo nsonga zake zikhale zozungulira. Tiyerekeze kuti pachigongono mkono wanu ndi wotambalala mapikiselo 120. Jambulani bwalo la mapikiselo 120 lomwelo pachigongonopo, m'mphepete mwake mukhudze mbali zonse ziwiri za mkono. Chidutswa chakumtunda chitsike kupitirira pakati pa bwalolo ndi mapikiselo 60, n'kuthera motsata bwalo. Chakumunsi chikwere mapikiselo 60 kupitirira pakati pomwepo, nachonso chithere mozungulira. Tsopano zonse ziwiri zili ndi bwalo limodzi, ndipo bwalo likamazungulira pakati pake maonekedwe ake sasintha. Pakatipo ndiye pivoti yanu, ndipo mutu wa fupa la mkono wakumunsi uyenera kukhala pomwepo ndendende.

Mawu akuti ndendende sindikuwanena mokokomeza. Mukaphonya pakatipo ndi mapikiselo 20 okha, kenako n'kupinda mkono madigiri 90, bwalo la chidutswa chakumunsi limasuntha mapikiselo pafupifupi 28. Pa mkono wa 120, limeneli ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Diso limaona msanga: mbali ina pamatuluka chotupa, mbali ina pamalowa chibowo. Zimenezi zimathandizanso kudziwa matenda. Ngati mpata ndi wooneka ngati chilembo cha V ndipo ukukula pamene mukupinda, zidutswa sizinasanjikizane. Ngati nsonga yozungulira ilipo koma ikutulukira pambali, ndiye fupa lili pamalo olakwika.

Ine ndinasiya kudalira diso. Mu Krita ndimapanga leya ina yapadera ya madontho okhaokha, dontho lofiira pakati pa bwalo lililonse: paphewa, pachigongono, pamfundo ya dzanja, m'chiuno, pabondo, pakakolo. Maleya onse ndimawasunga ngati PNG pa kukula kwa chinsalu chonse, osawadula m'mbali. Ena amati zimenezi zimalemeretsa fayilo, ndipo akunena zoona, koma phindu lake ndi lakuti zidutswa zikalowa mu Blender zimagwera pamalo ake zokha. Mukazidula, n'kuzilowetsa ndi `Size Mode` ya `Absolute`, chilichonse chimapatsidwa msinkhu wofanana, dzanja n'kukula ngati thupi. Kuyambira mu Blender 4.2 zithunzi zimalowa kudzera pa `Add` > `Image` > `Mesh Plane`, pomwe m'mbuyomo timayatsa kaye `Import Images as Planes`. Kumbukirani kuchotsa chizindikiro pa `Offset Planes`, apo ayi zidzandandalikana ngati zovala pachingwe. Leya ya madontho ija iikeni kutsogolo kwa zonse, dinani `Numpad 1`, yandikitsani kwambiri, ndipo mu `Edit Mode` kokani mutu wa fupa lililonse padontho lake. Mukamaliza ibiseni ndi `H`.

Pali msampha umodzi apa, ndipo ukukhudzani inu chifukwa munamangirira kale. Mukasuntha fupa mu `Edit Mode` zidutswa zili zomangirira, nazonso zimatsatira fupalo, ndiye cholakwika chija chimangosamuka nacho. Yambani mwabwezera mafupa onse pamalo ake mu `Pose Mode` ndi `Alt+R`, kenako masulani zidutswa ndi `Alt+P` > `Clear and Keep Transformation`. Konzani mafupa, ndipo kumangirira kukhale komaliza.

Tibwere ku dzanja lomira. Blender ndi ya 3D, sadziwa kuti inu mukufuna chinthu chafulati. Zimene mu Krita zinali maleya, kuno ndi mtunda pa mzere wa Y. Mukayang'ana ndi `Numpad 1`, chimene chili ndi Y wotsika ndicho chili pafupi nanu. Choncho thupi likhale pa 0, mkono wapafupi wakumtunda pa -0.01, wakumunsi pa -0.02, dzanja pa -0.03, ndipo mkono wakuseri uyambire pa 0.01 kupita kumbuyo. Zidutswa ziwiri zikakhala pa Y mmodzi zimalimbirana malo, ndipo mudzaona kuphethira kapena mizeremizere pamene zasanjikizana. Kamera ikhale `Orthographic` kuti timipata timeneti tisasinthe kukula kwa ziwalo.

Koma ngati munaika kale mipatayi, dzanja n'kumamirabe nthawi zina, ndiye kuti fupa likupendekera mkati. Zimachitika mukadina `R` mutatembenuza pang'ono mawonekedwe ndi mausi, chifukwa `R` amazunguza motsata kumene mukuyang'anira. Mpata wa 0.01 ndi wochepa kwambiri moti kupendekera kwa madigiri ochepa chabe n'kokwanira kulowetsa dzanja m'mimba. Kuti mutsimikize, dinani `Numpad 3`. Kuchokera m'mbali, munthu wanu ayenera kuoneka ngati timizere toimirira toyandikana. Kamene kapendama ndiko kakukuvutitsani.

Mankhwala ake ndi kutseka njira zosafunikazo. Muli pa `Numpad 1`, lowani mu `Edit Mode`, sankhani mafupa onse ndi `A`, dinani `Shift+N` n'kusankha `View Axis`. Zimenezi zimachititsa kuti Z wa fupa lililonse atsate kumene mukuyang'anira. Kenako mu `Pose Mode` sinthani `Rotation Mode` ya fupa lililonse kukhala `XYZ Euler`, n'kukhoma tiloko ta X ndi Y, kusiya Z yekha. Mukatero mukhoza kuzunguza mafupa muli mbali iliyonse, sadzachokanso pafulati. Mafupa enieniwo onse akhale pa Y wa 0, chimene chimatalikirana ndi zithunzi zokha.

Mwina mukatha zonsezi mudzaonabe chidutswa chakumbuyo chikudumphira kutsogolo mu EEVEE, injini ya Blender yotulutsira zithunzi. Pamenepo onani matiriyo. `Blended`, imene kale inali `Alpha Blend`, imasanja zinthu poyang'ana mtunda wa `Origin` kuchokera ku kamera, ndiye apa pokha kadontho kanu kaja kangakhale ndi mlandu. `Dithered` imatsata kuya kwenikweni kwa chidutswa, ndipo pa zojambula za m'mphepete mwakuthwa ndi imene ine ndimasankha.

Chimene bwalo silingathetse ndi mzere wakuda wa m'mphepete. Ngati chidutswa chapamwamba chili ndi mzere kuzungulira nsonga yake yonse, chigongono chimaoneka ngati cha chidole chokhomedwa ndi msomali. Fufutani mzerewo pansonga ya chidutswa chapamwamba, koma pa chapansi musiye, chifukwa ndi umene umatulukira kunja mkono ukapindika. Kupitirira madigiri 120 kapena kuposerapo, ngakhale izi zimayamba kuoneka zabodza, ndipo ine pamenepo ndimangojambula mkono wina wopindika kale n'kuusinthanitsa pa fulemu imeneyo.