Mabokosi pansi ndi pamwamba pa mzere wa 1/x²

"Achimwene, ku masamu atipatsa 1 + 1/4 + 1/9 + 1/16 + … osalekeza, akuti tisonyeze kuti zonse pamodzi sizifika 2, pogwiritsa ntchito malo a pansi pa girafu. Zinthu zosatha zingalephere bwanji kufika 2?"

Eya mng'ono wanga, tenga pepala ndi pensulo kaye, izi ukangomvera ndi makutu okha zikuzungulira mutu. Jambula mzere wa y = 1/x². Pa x = 1 uli pa 1, pa 2 watsikira pa 1/4, pa 3 uli pa 1/9, ukungotsikabe osakweranso. Kutsika kumeneko ukugwiritse, chifukwa zonse zatsamira pamenepo.

Tsono nambala iliyonse uisandutse bokosi. Mulifupi mwake 1, msinkhu wake nambala yomweyo, ndiye kuti malo a bokosi la 1/4 ndi 1/4 basi. Kuphatikiza manambala aja n'chimodzimodzi kuphatikiza malo a mabokosi. Pomwe malo a pansi pa mzere wokhotawo ndi osavuta kupeza: intigiralo ya 1/x² ndi −1/x, choncho kuyambira pa nambala iliyonse a kupita kumanja mpaka kosatha, malo ake ndi 1/a. Kuyambira pa 1, malo ndi 1.

Poyamba imika bokosi la 1 pakati pa 1 ndi 2, la 1/4 pakati pa 2 ndi 3, choncho choncho. Ngodya ya kumanzere ikukhudza mzere, koma mzerewo ukutsika, ndiye denga la bokosi likutsala pamwamba pake. Mabokosi aphimba malo onse mpaka kutsalako, kusonyeza kuti zonse pamodzi zaposa 1. Amenewo ndi malire a pansi.

Kenako mabokosi omwewo uwakankhire kumanzere sitepe imodzi. La 1/4 likhale pakati pa 1 ndi 2, la 1/9 pakati pa 2 ndi 3. Tsopano yomwe ikukhudza mzere ndi ngodya ya kumanja, bokosi lonse labisala pansi. Waona? Ndiye 1/4 + 1/9 + … n'zochepera 1. Apa m'pamene ambiri amagwa: bokosi loyamba lija lakankhidwira pakati pa 0 ndi 1, komwe mzere umathawira kumwamba ndipo malo ake alibe malire. Ukayamba intigiralo pa 0 supeza chogwira. Bokosi limenelo uliike padera, ndi 1 wodziwika kale, uwonjezere 1 wa malo aja, wapeza kuti zonse sizifika 2. Manambala ndi osatha inde, koma onse akwana m'malo oti ali ndi polekezera.

Ntchito ya aphunzitsi yathera pomwepo, koma ine kunena kuti "pakati pa 1 ndi 2" sikundikhutiritsa, mpata wakula kwambiri. Chita izi: phatikiza pamanja manambala 10 oyamba, mpaka 1/100. Pa kakyuleta upeza 1.5498. Mabokosi uwagwiritse ntchito pa mchira wotsala wokha, kuyambira 1/121. Ukawaimika kuyambira pa 11 aposa mzere, ndiye mchira waposa 1/11, yomwe ndi 0.0909. Ukawakankha kuti ayambire pa 10 alowa pansi, mchira sufika 1/10. Choncho yankho lili pakati pa 1.6407 ndi 1.6498. Mpata watsala 1/110 yokha.

Yankho lenileni ndi π²/6, pafupifupi 1.6449. Funsoli analifunsa Pietro Mengoli mu 1650, ndipo linakhala zaka zoposa 80 Leonhard Euler asanalimasule. Limadziwika ndi dzina la mzinda wa kwawo kwa Euler, Basel. Mabokosi athuwa sangakutulutsire π ayi, amangokuuza kuti yankho lili m'kati mwa mpanda uwu. Komabe taona: pakatikati pa malire awiri aja ndi 1.6452, kuphonya ndi 0.0003. Wina atalimbikira kuphatikiza manambala 1000 popanda mabokosi afika pa 1.6439, kuphonya ndi 0.001. Ako 10 aja amuposa.

Chenjera ndi ziwiri. Mzere ukakhala wokwera ndi kutsika, sungadziwe ngati bokosi lili pansi kapena pamwamba, ndiye pa mayeso lemba poyera kuti 1/x² ikutsika kuyambira pa 1, malikisi ena amakhala pamenepo. Chachiwiri, usaganize kuti manambala akamachepa ndiye kuti basi ali ndi malire. Yesa 1 + 1/2 + 1/3 + … Mabokosi oposa mzere wa 1/x akupatsa kuti manambala N oyamba aposa ln(N + 1), ndipo ln imakula osaima, pang'onopang'ono koma osaima. Kuphatikiza kwa 1 + 1/2 + 1/3 + … kupitirira 2 ukangofika pa 1/4.

Yesa ya 1/n³ ndi manambala 3 oyamba. Malo kuyambira pa a ndi 1/(2a²). Malire ako akuyenera kutsekera 1.202 m'kati, akapanda kutero, ona ngati sunasinthanitse 3 ndi 4. Unditumizire chithunzi cha pepalalo pa gulu pompano.